Foni yafa pa Nyimba: ndi simu kapena ndi mapiri chabe?

Mukakwera basi ku Intercity kupita ku Petauke, mumadziwa kale kuti mukawoloka mlatho wa Luangwa netiweki imayamba kusewera. M'mapiri a ku Kacholola imabwera, imapita. Zimenezo si vuto la foni yanu. Koma basi ikaima pa Nyimba, anzanu ayamba kale kutumira abale uku akugula nthochi, inu foni ili zii, apo ndiye pali nkhani.

Tengani mtsikana wina amene akupita kukaona amayi ake odwala ku Petauke. Ndalama zonse zili mu foni, m'thumba muli K20 chabe, ndipo mlongo wake akudikira kuti amutumire akafika pa mphambano yolowera ku boma. Foni ilibe kamzere ngakhale kamodzi.

Choyamba, asathamangire kutsegula foni. Afunse amene wakhala naye pampando kuti ali pa netiweki iti. Ngati onse ali pa Airtel, kapena MTN, kapena Zamtel, ndipo ya mnzakeyo ikugwira, mapiri alibe mlandu. Aonenso ngati kachizindikiro ka ndeke sikanayake kokha m'chikwama, chifukwa zimachitika maningi.

Manje awerenge zimene foni yalemba. Ikati "No SIM card" kapena "Insert SIM", ndiye kuti foni siikuiona n'komwe simuyo. Nthawi zambiri imakhala yasuntha, kapena fumbi lalowa. Ikati "Emergency calls only" kapena "Not registered on network", kawirikawiri simu ikuoneka koma netiweki siikuilandira. Apa ambiri amasokonezeka: mawu achiwiriwa satanthauza kuti simunalembetse ndi reji yanu ayi. Akungonena kuti foni yalephera kulumikizana ndi nsanja. Chifukwa chingakhale kutsekedwa kwa nambala, komanso chingakhale simu yowonongeka.

Ya mtsikana uja yalemba "No SIM card". Azimitse foni, atulutse kathireyi ndi kapini (ndolo yopyapyala imagwiranso, koma osakankha ngati mukuboola chitini). Apukute mbali yagolide ndi kansalu kouma. Malovu ayi, ndiponso osapala ndi lezala. Kenako aone ngati kona yodulidwa ya simu yagona pa kona yodulidwa ya thireyi. Amene amavutika kwambiri ndi aja anadula simu yaikulu ndi sizasi kuti ilowe mu foni yatsopano, kapena amene amaisinthasintha pakati pa foni yaikulu ndi kamabatani pogwiritsa ntchito kafelemu kapulasitiki. Simu yotere siikhala zolimba, basi ikagunda dzenje limodzi imachoka pamalo.

Zikakanikabe, pali mayeso amodzi amene amathetsa mkangano. Aike simu yake mu foni ya mnzake, ndipo simu ya mnzakeyo ilowe mu yake. Simu yake ikagwira kwa mnzake, vuto ndi foni: mwina timano tamkati tapindika. Ngati foni ili ndi malo awiri a simu ayese enawo, apo ayi akaonane ndi okonza mafoni. Koma simu ikakana mu foni zonse ziwiri, asataye ndalama kwa wokonza. Nkhani yatsala ndi kampani.

Apa ndi pamene kulembetsa kumalowa. Malamulo amene ZICTA imayang'anira amafuna kuti simu iliyonse ikhale pa dzina la munthu, ndi reji kapena pasipoti yake, ndipo nambala imene zolembedwa zake sizili bwino ikhoza kutsekedwa. Simu imene yakhala miyezi yambiri osagwiritsidwa ntchito nayonso imatsekedwa, mpaka nambala kupatsidwa munthu wina. Kuipukuta sikungathandize kalikonse.

Vuto lenileni la mtsikana wathu lingakhale ili: simu anam'gulira ndi azakhali ake ali kusukulu, asanatenge reji. Akapita ku ofesi kukapempha simu ina ya nambala yomweyo, adzafuna mwini wake wa pa kompyuta, osati amene wakhala akuigwiritsa ntchito zaka zisanu. Ndalama zake sizili m'kapulasitiki kaja, zili mu akaunti ya nambala, choncho simu kufa si ndalama kufa. Koma kuti azifikire, azakhali aja ayenera kubwera ndi reji yawo, olo ali ku Kanyama. Ine ndimaona kuti simu zogula pamsewu "zolembetsa kale" ndi zoipa kuposa apa, chifukwa mwini dzinalo simumudziwa n'komwe.

Inu amene foni ikugwira lero, dinani `*101#` muone ngati nambala ili pa dzina lanu. Ngati ili pa dzina la wina, pitani naye limodzi ku ofesi ya kampani mukasinthe, aliyense ndi reji yake yeniyeni. Ndipo wina wa pa buufu akakuuzani kuti mum'patse nambala yanu yachinsinsi kuti akutsegulireni simu, tengani foni yanu muzipita. Potsegula simu saifuna imeneyo.