Diresi yothina imayambira pa tepi

Diresi ikathina kapena kukhwepa, mlandu umagwera telala, koma nthawi zambiri cholakwa chimachitika nsalu isanadulidwe n'komwe. Kasitomala wakutali amatumiza manambala pafoni, ndipo palibe amene amafunsa ngati manambalawo ndi a thupi kapena a chovala. Pepala la miyeso lothandizadi ndi lomwe likunena pamwamba penipeni kuti nambala iliyonse ndi ya thupi, m'masentimita, ndipo malo opumira adzawonjezera yekha telala.

Titenge mayi yemwe chifuwa chake ndi masentimita 96. Nsalu ya chitenje sitamuka, choncho telala amawonjezera masentimita pafupifupi 6 kuti mayiyo azipuma ndi kukweza manja momasuka, diresi n'kukhala 102. Mayiyo akayeza diresi yake yakale n'kutumiza 102, telala awonjezeranso 6 n'kusoka 108, chovala n'kukhala ngati chobwereka. Akatumiza 96 koma telala n'kuyesa kuti ndi muyeso wa chovala, zipi sitseka. Tepi nayo ili ndi mbali ziwiri: mainchesi 38 ndi masentimita 96 ndi theka, motero pepala litchule mbali yoyenera kuwerenga.

Vuto lina lili m'mawu athu omwe. Tikati chiuno, wina amayeza pamchombo, wina m'munsi pafupi ndi matako. Malangizo asiye mawu amodziwo n'kulozera malo enieni, ndi chithunzi chomwe. Pachifuwa, tepi idutse potukuka kwambiri munthu atavala kamisolo yomwe adzavalire diresiyo. Pamimba, amange kachingwe n'kupendamira kumbali, ndipo pomwe kakhazikika ndi poyenera kuyeza. Pamatako, ayeze ponenepa kwambiri mapazi ali pamodzi. Amuyeze munthu wina, tepi ikhudze thupi popanda kufinya, ndipo isagwe kumsana. Amene wagwera pakati pa masaizi awiri atenge yaikuluyo, pakuti kubweza chovala n'kosavuta kusiyana ndi kuchikulitsa.

Ena anganene kuti zonsezi n'zotopetsa, kasitomala angotchula saizi 12 kapena 14. Koma aliyense wogula kaunjika amadziwa kuti madiresi awiri olembedwa 14 safanana, chifukwa mayiko ndi makampani amayeza mosiyana. Ena amati telala waluso amayeza ndi maso. N'zoona kuti diso limaona zomwe tepi siona, monga mapewa otsetsereka kapena msana wopindika, n'chifukwa chake suti kapena diresi yaukwati imafunikabe kuyesa kuvala isanamalizidwe. Komatu diso silifika kwa munthu yemwe ali ku Joni.

Pepala la miyesolo likonzedwe potengera madandaulo a makasitomala. Telala alembe m'kope chovala chilichonse chobwezedwa ndi pomwe chathina. Madiresi angapo akathina m'khwapa mofanana, cholakwa chili pa patani yake. Akamalakwika malo osiyanasiyana, ndiye kuti malangizo oyezera sakumveka, ndipo ndi omwe ayenera kulembedwanso.