Nkhondo itaimitsa asodzi, shaki zinachuluka

Umberto D'Ancona, katswiri wa zamoyo wa ku Italy, ankawerenga mabuku a m'misika ya nsomba ya kunyanja ya Adriatic pamene anapeza chomuzunguza mutu. Ku Fiume, shaki ndi zinzake zolusa zinali pafupifupi 12 peresenti ya nsomba zogwidwa mu 1914, koma mu 1918 zinafika pa 36. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse inali itachepetsa usodzi. Nanga bwanji zopindula zinali zolusa, osati zodyedwa?

Funsoli analitula kwa Vito Volterra, katswiri wa masamu yemwe anadzakhala mpongozi wake. Yankho linatuluka mu 1926, ndipo Alfred Lotka anali atalemba kale maikweshoni omwewo ku America.

```
dx/dt = ax - bxy
dy/dt = kxy - cy
```

Apa x ndi nsomba zodyedwa, y ndi zolusa. Zodyedwa zimaswana pa liwiro a, zolusa zimafa pa liwiro c zikasowa chakudya, ndipo xy ndi kukumana kwa mitundu iwiriyi. Ikwilibiriyamu, pomwe chiwerengero sichikwera kapena kutsika, imapezeka mukaika ziro kumanzere konse: x = c/k, y = a/b.

Tiyese manambala ongophunzirira, nthawi tikuiyeza m'zaka: a = 1, b = 0.1, c = 0.5, k = 0.02. Ikwilibiriyamu ili pa zodyedwa 25 ndi zolusa 10.

Olemba malipoti ambiri amaterereka apa. Amalemba kuti nsombazo zidzakhazikika pa 25 ndi 10, chonsecho sizifikapo. Zimangozungulira malowo ngati mbuzi pachikhomo: zodyedwa zikachuluka zolusa zimatsatira, zolusa zikachuluka zodyedwa zimagwa, kenaka njala imagwetsa zolusazo. Cholondola kulemba n'chakuti 25 ndi 10 ndi avereji ya mzungulire wathunthu. Pafupi ndi ikwilibiriyamu mzungulire umodzi umatenga 2π/√(ac), pano pafupifupi zaka 9, ndipo nsonga ya zolusa imabwera patatha zaka ziwiri ndi miyezi ingapo chidutsire ya zodyedwa. Lipoti lisasiye kuchedwa kumeneku, ndiye chizindikiro cha yemwe akudya mnzake.

Tsopano tiponye makoka. Asodzi akamachotsa 0.2 ya mtundu uliwonse pachaka, a amatsika kufika 0.8, c amakwera kufika 0.7. Avereji ya zodyedwa imakwera kufika 35, ya zolusa imatsika kufika 8. Asodzi akapita kunkhondo zinthu zimabwerera mmbuyo, monga D'Ancona anaonera.

Chenjerani ndi gilafu ya pakompyuta. Njira yosavuta ya Euler imakulitsa mzungulire uliwonse kuposa wapitawo, ndipo wina angalembe kuti zolusa zikupita kokatha. Chepetsani sitepe ya nthawi n'kujambulanso. Ngati kukulako kwachepa, vuto linali la kawerengedwe, silinali la m'nyanja.