Jinja wa maondo olimba: pimani kaye, m'mimba musaiwale

Kukazizira mu Juni ndi Julayi, azakhali anga amadzuka pamphasa dzanja lili pakhoma. Maondo amakhala atauma gwa, ndipo amamasuka akazungulira kaye pabwalo. Kuchipatala adawauza kuti ndi nyamakazi ya ukalamba, ija imadza fupa lofewa la m'bondo likaperepeseka. Anzawo a kutchalitchi adawalangiza jinja, iwo n'kuyamba kumuwiritsa wodzaza dzanja, kumwa dzuwa lisanatuluke, m'mimba mulibe kanthu, pamwamba pake n'kumeza bulufeni wa pagolosale. Sabata isanathe, chilungulira chidawalanda tulo.

Jinjayo sadalakwe. Kuyabwa kwake kumachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa jinjero, amene amachepetsako kutupa. Mu 2015 akatswiri adaphatikiza kafukufuku asanu a anthu 593 odwala nyamakazi yotere, ndipo adapeza kuti ululu umatsikadi, koma pang'ono. Fupa loperepeseka silimeranso ayi. Adapezanso kuti omwa jinja ankasiyira panjira kawirikawiri chifukwa cha kuvuta kwa m'mimba.

Mulingo wa m'kafukufukuyo udali wochepa, theka la galamu mpaka galamu imodzi patsiku. Jinja waufa wa kukhitchini, galamu imodzi ndi pafupifupi theka la supuni yaing'ono ya tiyi, yosasefukira. Wamuwisi ali ndi madzi ambiri, choncho kachidutswa konga nsonga ya chala chachikulu n'kokwanira. Wamkulu asapyole magalamu 4 patsiku, ndipo woyembekezera asapyole galamu imodzi.

Azakhali tsopano amagawa pawiri: pang'ono m'phala la m'mawa, kotsalako amapalira mu ndiwo za nyemba kapena nkhuku madzulo. Pamafunika kudekha, chifukwa kusintha kumamveka pakapita masabata, osati tsiku lomwelo. Miyezi itatu ikatha bondo lili chimodzimodzi, kuwonjezera mulingo sikuthandiza.

Amene amandidetsa nkhawa ndi a zilonda zam'mimba. Zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa pailori, kapena mankhwala aululu monga bulufeni, indosidi ndi asipulini, omwenso a nyamakazi amadalira. Jinja wokoma mu ndiwo savuta kwa ambiri, koma tiyi woyabwa kwambiri pamimba yanjala amaotcha pachilonda. Chilonda chikadali chowawa, chizani chimenecho kaye. Jinja angathenso kuchedwetsa magazi kuundana, motero omwa wafarini kapena asipulini wa mtima, ndi oyembekezera opaleshoni, afunse adokotala asanayambe kumudya tsiku ndi tsiku.

Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena masanzi a magazi, m'mimba mukukha magazi. Bondo likatupa mwadzidzidzi, lotentha, thupi lilinso moto, imeneyo si ntchito ya jinja. Siyani kapu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.