Kusunga Mawu Achinsinsi a Ntchito Zimene Kompyuta Imagwira Yokha Usiku

Maofesi ambiri ali ndi lipoti limene limadzikonza lokha. Pa ola loikika, kompyuta imadzutsa kapulogalamu kakang'ono kotchedwa sikiriputi, ndipo kapulogalamuko kamalowa mu detabesi, n'kutenga manambala atsopano a malonda kapena a katundu, n'kuwaika mu lipoti. Vuto lagona poti detabesi imafunsa mawu achinsinsi, pamene 2 koloko usiku pa kiyibodi sipakhala munthu woti awalembe. Njira yachidule imene ambiri amatsata ndiyo kumata pasiwediyo m'kati mwa sikiriputi momwemo. Lipoti limatuluka bwinobwino, n'chifukwa chake vutoli limatha zaka osaoneka.

Sikiriputi ndi fayilo yoyendayenda. Imatumizidwa pa imelo kwa mnzake wa wolemba kuti aone pamene palakwika, imakoperedwa pa fulashi, imajambulidwa pa sikirini popempha thandizo. Kulikonse kumene yapita, pasiwedi imapita nayo limodzi, ngati kubwereketsa loko kiyi ali pomwepo. Choopsa kwambiri ndi Git, pulogalamu imene imasunga mbiri ya kusintha kulikonse kwa fayilo. Munthu akafufuta pasiwedi lero, mbiriyo imakhala ikusungabe fayilo yadzulo, ndipo aliyense amene ali ndi kope la nkhokweyo angathe kuiwerenga. Mu 2016 akuba anapeza makiyi olowera ku Amazon Web Services m'makodi amene ogwira ntchito ku kampani ya Uber anasunga pa GitHub, ndipo anatenga zambiri zokhudza anthu pafupifupi 57 miliyoni. Makodiwo sanali apoyera, anali m'malo otsekedwa, koma zimenezo sizinateteze kanthu akubawo atalowa.

Mankhwala ake ndi kulekanitsa zinthu ziwirizi. Sikiriputi izinena zochita basi, ndipo chinsinsi chizikhala kwina, kumene akaunti imodzi yokha yoyendetsa ntchitoyo ingafikeko. Chitsanzo chabwino ndi seva ya Linux imene imatenga deta mu PostgreSQL usiku uliwonse.

Choyamba ndi kupanga akaunti yakeyake ya ntchitoyi, tinene kuti `lipoti`, pa seva ndi mu detabesi momwe. Mu detabesi akauntiyo ipatsidwe chilolezo chowerenga chokha, ndi lamulo la `GRANT SELECT`, pa matebulo amene lipotilo likufuna. Mbali imeneyi imanyalanyazidwa kawirikawiri, komatu ndi imene imachepetsa chiwonongeko. Pasiwedi ya woyang'anira wamkulu ikabedwa, wakuba angafufute zonse. Ya akaunti yowerenga yokha ikabedwa, angathe kuona matebulo ochepawo koma sangasinthe kanthu. Komanso akaunti ya wantchito weniweni si yoyenera, chifukwa tsiku limene munthuyo wasiya ntchito n'kutsekeredwa, lipoti nalo limaima.

Chachiwiri, pasiwedi ilembedwe mu fayilo ya `.pgpass`, mu foda yakwawo kwa akauntiyo. PostgreSQL imaidziwa kale fayiloyi ndipo imaiwerenga yokha. Mzere uliwonse uli ndi zigawo zisanu: seva, poti, detabesi, dzina la akaunti ndi pasiwedi.

```
10.0.0.5:5432:malonda:lipoti:mawu_achinsinsi
```

Kenako fayiloyo itsekedwe:

```
chmod 600 /home/lipoti/.pgpass
```

Nambala ya 600 ikutanthauza kuti mwini fayilo yekha ndiye angawerenge ndi kulemba, ena onse ayi. Pa Linux, PostgreSQL sinyengerera pamenepa. Ikapeza kuti fayilo ili potseguka kwa ena, imachenjeza kuti `permissions should be u=rw (0600) or less` n'kuinyalanyaza. Pa Windows fayilo yofanana nayo imakhala pa `%APPDATA%\postgresql\pgpass.conf`.

Tsopano sikiriputi ilibenso chobisa, ndipo ingathe kulowa mu Git popanda nkhawa:

```
psql -w -h 10.0.0.5 -U lipoti -d malonda -f /home/lipoti/lipoti.sql
```

Kachilembo ka `-w` kamauza `psql` kuti isayerekeze kufunsa pasiwedi, koma ikaisowa ilephere pomwepo n'kunena chifukwa. Ndandanda ya `cron` ya akaunti ya `lipoti` ndiyo imayambitsa ntchitoyi 2 koloko usiku, n'kulemba zotuluka zonse mu fayilo imodzi:

```
0 2 * * * /home/lipoti/tsitsimutsa.sh >> /home/lipoti/lipoti.log 2>&1
```

Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa n'kubwerera ku chizolowezi chakale. Akayesa pamanja masana ntchito imatheka, koma usiku imakanika, ndipo m'mawa lipoti limaonetsa manambala adzulo. Fayilo ya `lipoti.log` ndi imene imaulula chachitika. Uthenga woti `fe_sendauth: no password supplied` umasonyeza kuti pasiwedi sinapezeke n'komwe. Mwina ntchitoyo inaikidwa mu ndandanda ya `root`, choncho `psql` inafunafuna `.pgpass` mu foda ya `root`. Mwinanso mzere wa mu fayilo sukugwirizana ndi lamulo, chifukwa lamulo latchula dzina la seva pamene fayilo ili ndi nambala yake. PostgreSQL imayerekeza zilembo monga zalembedwera. Koma uthenga woti `password authentication failed` umasonyeza kuti pasiwedi inapezeka, n'kukanidwa. Nthawi zambiri amakhala kuti wina anaisintha, kapena ili ndi `:` kapena `\`, zizindikiro zimene mu fayiloyi zimafuna `\` patsogolo pake. Amene anaika chinsinsi mu `.bashrc` amakumana ndi vuto lina, loti `cron` siwerenga fayilo imeneyo.

Makiyi olowera ku ntchito za pa intaneti, monga kiyi yotengera mitengo kapena deta ku kampani ina, amasungidwa chimodzimodzi: mu fayilo ya 600, kunja kwa foda imene ili mu Git, ndipo sikiriputi imaiwerenga nthawi imene ikuyenda. Asalembedwe pa mzere wa lamulo, chifukwa wina aliyense wolowa pa sevayo angawaone ndi `ps` ntchito ili mkati. Ayeneranso kusamala ndi `set -x`, imene imasindikiza lamulo lililonse pamodzi ndi zinsinsi zake mu fayilo ya zotuluka.

Njirayi ili ndi malire ake. Mu `.pgpass` pasiwedi imakhala yosabisika, moti `root` angathe kuiwerenga, ndipo makope osungira a sevayo amaitenganso, choncho makopewo afunika kutetezedwa mofanana. Kwa ofesi ya seva imodzi, zimenezi n'zokwanira. Ma seva akachuluka, mabungwe amagwiritsa ntchito nkhokwe za zinsinsi monga HashiCorp Vault, AWS Secrets Manager kapena Azure Key Vault, zimene zimabisa chinsinsi, zimalemba amene wachitenga, ndipo zimathandiza kuchisintha malo amodzi. Ngakhale pamenepo, ntchitoyo iyenera kudzizindikiritsa kwa nkhokweyo, ndipo kiyi ya nkhokwe ikamatidwa mu sikiriputi vuto limangosuntha malo. N'chifukwa chake ma seva a pa Amazon kapena Azure amapatsidwa chizindikiritso chawochawo, chimene chimatulutsa makiyi a nthawi yochepa osalembedwa paliponse.

Ngati pasiwedi inakhalapo kale mu sikiriputi, kuichotsamo sikukwanira, poti palibe angawerenge makope onse amene anatuluka. Iyenera kusinthidwa. Mu `psql`, lamulo la `\password lipoti` limasintha pasiwedi popanda kuisiya m'mbiri ya malamulo. Kenako yatsopanoyo ilembedwe mu `.pgpass`, ntchito iyesedwe pamanja ndi `sudo -u lipoti -H /home/lipoti/tsitsimutsa.sh`, ndipo yakaleyo iyesedwenso pofuna kutsimikiza kuti detabesi ikuikana. Kiyi ya pa intaneti imafuna ndondomeko yosiyana pang'ono: yatsopano ipangidwe kaye, iyesedwe, ndipo yakale ithetsedwe tsiku lomwelo, chifukwa makampani ambiri amalola makiyi awiri kugwira ntchito nthawi imodzi.