Ndalama zolipira chinthu chosagwirika

Mu Disembala 2016 kampani ya Microsoft inamaliza kugula LinkedIn pa mtengo wa madola pafupifupi 27 biliyoni. Akatswiri owerengera chuma ataika mtengo pa katundu yense wa LinkedIn n'kuchotsapo ngongole zake, zotsala zinangopitirira pang'ono 10 biliyoni. Nanga 16.8 biliyoni inayo inagula chiyani?

M'mabuku a kampani ndalama yapamwambayi amaitcha gudiwilu. Kapezedwe kake ndi kochotsera basi: mtengo umene wogula walipira, kuchotsapo mtengo wa katundu amene watsala ngongole zikachotsedwa. Koma katunduyo amamuwerengera pa mtengo umene angagulidwire pa tsiku la malondawo, osati umene unalembedwa kalekale. Ndipo si nyumba ndi makompyuta okha. Dzina la kampani, luso limene inapanga ndi mapangano ake ndi makasitomala, zonsezi zimapatsidwa mtengo pazokha; kwa LinkedIn zinakwana 7.9 biliyoni. Zimene zimagwera mu gudiwilu ndi zosatheka kuzipatula n'kuzigulitsa: antchito odziwa ntchito amene azolowerana, komanso phindu limene wogula akuyembekezera makampani awiriwo akaphatikana. Kunena mosapsatira, nthawi zina mumabisalanso kudulitsidwa, wogula akakhala kuti anatengeka mtima.

Chodabwitsa n'chakuti kampani singadzilembere yokha gudiwilu, ngakhale itatchuka chotani. Amalowa m'mabuku pokhapokha wina akaigula.

Galimoto ya kampani imatsitsidwa mtengo chaka ndi chaka. Gudiwilu ayi. Malamulo a IFRS, amene makampani a pa msika wa masheya wa Malawi amatsatiranso, amafuna kuti aziyesedwa chaka chilichonse. Amaona gawo la bizinesi limene analowamo, n'kufunsa ngati ndalama zimene gawolo lingabweretse, kapena mtengo umene lingagulitsidwire, zikufikabe pa zimene zili m'mabuku. Zikaperewera, gudiwilu amadulidwa, ndipo chodulidwacho chimadya phindu la chakacho. Akadulidwa sabwezeretsedwanso, olo malonda adzayambe kuyenda.

Microsoft yemweyo inalawapo zimenezi. Mu 2007 inagula aQuantive, kampani yotsatsa malonda pa intaneti, ndi madola oposa 6 biliyoni. Phindu loyembekezeredwa silinabwere, ndipo mu 2012 inadula 6.2 biliyoni, zimene zinachititsa kuti ilengeze kuluza pa miyezi itatu kwa nthawi yoyamba chilowereni pa msika wa masheya. Tsiku lodulalo sipanatuluke ndalama iliyonse ku banki. Ndalamazo zinapita kale mu 2007. Mabuku anangochedwa kuvomereza.

Pamenepa ndiye pali kufooka kwa muyesowu, chifukwa amene amalosera ndalama za m'tsogolo ndi mabwana omwewo amene anavomereza kugula. Inu amene muli ndi masheya, lipoti la pachaka likafika yerekezani gudiwilu ndi chuma chonse cha eni kampani. Ngati watenga gawo lalikulu pamene phindu la bizinesi yogulidwayo likutsika, kafunseni mabwanawo pa msonkhano wa pachaka.