Kuyera kwa m'diso la mwana pachithunzi

Bryan Shaw ndi mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite ya Baylor ku America. Mwana wake wamwamuna anapezeka ndi khansa ya m'maso ali ndi miyezi yochepa chabe, ndipo diso limodzi analichotsa. Anayamba kukayikira anali mayi a mwanayo, omwe ankaona kuti pazithunzi zina kamwana ka diso kankatuluka koyera. Pambuyo pake bamboyo anaunika zithunzi masauzande zomwe banjalo linajambula, n'kupeza kuti kuyerako kunaonekera koyamba mwanayo ali ndi masiku 12 okha. Zomwe anapezazo anazifalitsa mu 2013.

Kamwana ka diso ndi kabowo kolowera kuwala. Fulashi ikawomba m'diso labwino, kuwala kumakafika kumbuyo, pa kachikungu kotchedwa retina, komwe kali ndi timitsempha tambiri ta magazi. Pobwerera kumakhala kofiira, n'chifukwa chake maso a anthu amafiira pazithunzi za usiku. Anthu ambiri zithunzi zotere amazida, koma kwa mwana kufiira kofanana m'maso onse awiri ndi nkhani yabwino. Pakakhala chotupa pa retina, kuwala kumagunda chotupacho n'kubwerera koyera kapena kwachikasu, ngati diso la mphaka mukaliunika ndi tochi.

Chotupa chimenechi ndi retinobulasitoma. Imagwira pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 15,000 mpaka 20,000 obadwa, ndipo ambiri amapezeka nayo asanakwanitse zaka 5. Choopsa chake n'chakuti poyamba sipweteka. Mwana amayamwa, amasewera, amaseka, ndipo ngati diso linalo lili bwino, palibe angadziwe kuti limodzi lasiya kuona. Ana ena diso limayamba kupenyera kumbali. Pamene diso lifika pofiira, kutupa ndi kutuzukira kunja, nthawi zambiri khansayo imakhala italondola kale mtsempha wopita ku ubongo.

Sikuti kuyera kulikonse ndi khansa. Ng'ala yobadwa nayo imaonekanso chimodzimodzi, ndipo nayonso imafuna opaleshoni msanga kuti diso lisafooke. Nthawi zina diso labwinobwino limayera pachithunzi chimodzi chifukwa mwanayo anayang'ana chakumbali pang'ono, kuwala n'kugunda pomwe mtsempha wa diso umalowera. Koma kusiyanitsa zimenezi si ntchito ya pakhomo. Komanso kuyera kwa chotupa chaching'ono kumabwera n'kumasowa malinga ndi komwe mwana wayang'ana, choncho zithunzi khumi zabwino sizifafaniza chimodzi chokayikitsa. Pamwamba pa izo, mafoni ambiri amachotsa okha kufiira kwa maso, motero angathe kubisa chizindikirocho.

Mukachiona, musafufute chithunzicho, ngakhale chikhale chosakongola. Mungajambulenso zina madzulo m'chipinda cha mdima pang'ono, fulashi ili yoyatsa, mwana akuyang'ana kamera, ndipo yerekezani maso awiriwo. Koma musataye masiku ndi zimenezi. Pitani kuchipatala sabata yomweyo, muonetse chithunzicho, ndipo mupemphe kuti wa za maso amuone mwanayo. Ndikutsindika pamenepa chifukwa pakuwala kwa masana kamwana ka diso kamachepa, ndiye munthu wongoyang'ana ndi maso angakuuzeni kuti palibe vuto. Kuyeza koyenera kumachitikira m'chipinda chamdima ndi kachida kounikira m'kati mwa diso, nthawi zambiri atadonthezamo mankhwala okulitsa kamwanako. Kuno ku Malawi madokotala a maso amapezeka pa zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Mankhwala a m'botolo ogula pagolosale, mkaka wa m'mawere kapena zitsamba sizifika kumene chotupacho chili.

Chotupa chikadali chaching'ono, madokotala angachifooketse ndi mankhwala a khansa, kuchiwotcha ndi kuwala kwamphamvu kapena kuchiumitsa ndi kuzizira, diso n'kupulumuka. Chikadzaza diso, njira yopulumutsira moyo ndi kulichotsa n'kuikapo lochita kupanga. Apa m'pamene mitima ya makolo imasweka, ndipo ena amanyamula mwana kubwerera kumudzi kukafunsa kaye kwa eni mbumba. Chisoni chawo n'chomveka, koma diso loterolo kawirikawiri limakhala litasiya kale kuona, ndipo miyezi yodikira ndi imene khansa imatulukira kunja kwa diso. M'mayiko olemera, komwe ana amafika msanga, oposa 95 mwa 100 alionse amachira. M'mayiko osauka kwambiri, pafupifupi ana 4 mwa 10 amamwalira pasanathe zaka zitatu.

Pafupifupi ana 4 mwa 10 odwala matendawa ali ndi mtundu woyenda m'magazi, makamaka omwe agwidwa maso onse awiri. Choncho ngati m'banja mwanu wina anachotsedwapo diso ali wamng'ono chifukwa cha chotupa, ana ake ndi azibale ake obadwa nawo ayezedwe maso atangobadwa, ndipo aziyezedwabe pafupipafupi, osadikira kuti chithunzi chionetse kanthu.