N'chifukwa chiyani macheza akatalika makina amasiya kumvera zomwe munawauza poyamba?

Aliyense amene wagwiritsapo ntchito ChatGPT, Gemini kapena Claude kwa ola lathunthu amalidziwa khalidwe limeneli. Poyamba zonse zimayenda bwino, makinawo amatsata mawu anu ndendende. Macheza akafika patali, amayamba kuchita zomwe munawaletsa, pomwe simunatseke foni kapena kuyamba tsamba lina. Ambiri amati makinawo atopa kapena achita mwano, koma chifukwa chenicheni chili m'mene anapangidwira.

Tiyerekeze mphunzitsi wa Sitandade 6 amene akukonza mafunso a masamu a teremu yonse. Mu uthenga wake woyamba waika malamulo atatu: mafunso akhale m'Chichewa, ndalama zikhale m'makwacha, ndipo mayankho asalembedwe pansi pa mafunso chifukwa pepalalo likupita kwa ana. Mafunso khumi oyamba atuluka monga anafunira. Kenako wamata ndime zazitali za silabasi ya m'Chingerezi, wakonzetsa funso ili, wakanitsa lija. Pofika pamutu wa kugawa, funso lililonse likubwera ndi yankho lake pansi, ndipo Chingerezi chayamba kulowerera.

Choyamba kudziwa n'chakuti makinawa sasunga macheza m'mutu monga munthu. Nthawi iliyonse mukatumiza uthenga, pulogalamuyo imatenga zonse zomwe zalembedwa kuyambira pamwamba, zanu ndi zake zomwe, n'kuzipereka kwa makina ngati nkhani imodzi yaitali. Makinawo amawerenga mwatsopano, n'kulemba mawu oyenera kutsatira. Zili ngati bolodi la m'kalasi limene munthu wachilendo amalowa kudzaliwerenga, kulembapo mzere umodzi n'kutuluka, ndipo wobwera pambuyo pake amadziwa zokhazo zimene zili pabolodipo.

Bolodilo lili ndi malire. Kukula kwake amakuyeza m'matokeni, tizidutswa ta mawu timene makina amawerengera. M'Chingerezi tokeni imodzi imakhala pafupifupi zilembo zinayi, ndipo mawu ofala ambiri amakwana m'tokeni imodzi. Chichewa chimadya malo ambiri, chifukwa odula tizidutswawa anazolowetsedwa kwambiri zolemba za Chingerezi, moti liwu ngati "sindinawauzenso" limaphwanyidwa kangapo. Wocheza m'Chichewa amadzaza bolodi msanga kuposa mnzake wa Chingerezi, ngakhale onse anene zofanana.

Tiike manambala ongoyerekeza pa nkhani ya mphunzitsi uja. Tinene kuti pulogalamu yake imalola matokeni 8,000. Malamulo ake atenga 100, ndipo funso lililonse pamodzi ndi yankho lake likudya 400. Akangofika pa mauthenga 20, malo atha. Ngati silabasi ija inatenga matokeni 3,000, malo amatha pa uthenga wa 13. Apa pulogalamuyo iyenera kufufuta china, ndipo kawirikawiri imayamba ndi zakale kwambiri, kapena imazifupikitsa kukhala ndime imodzi. Zakale kwambirizo ndi malamulo atatu aja. Chosautsa n'chakuti pafoni panu uthenga woyambawo umaonekabe mukakwera m'mwamba, ndiye mumaganiza kuti makinanso akuuona, pomwe kwa iwo unachoka kalekale. Chidule nachonso n'chachinyengo: chingasunge zoti mukukonza mafunso a Sitandade 6, koma n'kutaya kamfundo koti mayankho asalembedwe.

Wina anganene kuti vutoli ndi lakale. Inde, ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022 inkanyamula matokeni pafupifupi 4,000 okha, pomwe pofika 2024 Google inalengeza Gemini yonyamula miliyoni imodzi. Koma kuiwala malamulo sikunathe, ndipo apa m'pamene pagona nkhani.

Kukhala pabolodi ndi kuwerengedwa mosamala n'zinthu ziwiri zosiyana. Pofuna kusankha liwu lotsatira, makina amapatsa kachidutswa kalikonse ka m'macheza kulemera kwake, kena kwambiri, kena pang'ono, ndipo kulemerako kumagawidwa pakati pa zonse zomwe zilipo. Pamene macheza anali matokeni 500, malamulo a mphunzitsi anali gawo limodzi mwa magawo asanu a zonse. Atafika matokeni 50,000, malamulo omwewo atsala gawo limodzi mwa 500, ndipo akupikisana ndi mizere yambirimbiri yokambanso za mafunso, mayankho ndi ziyankhulo. Mu 2023 gulu la ofufuza, ena mwa iwo a ku yunivesite ya Stanford, linasonyeza kuti makina otere amapeza bwino mfundo ikakhala koyambirira kapena kumapeto kwa zolemba zazitali, koma amaiphonya kawirikawiri ikakhala pakati. Tsono malamulo ambiri sitiwapereka pa mzere woyamba weniweni. Timawakumbukira pa uthenga wachisanu kapena wachikhumi, ndipo macheza akatalika amakakhala pakati penipeni pamene sipaoneka bwino.

Chinthu chimene ine ndimachiona kukhala choopsa kuposa zonsezi ndi chakuti makina amatsanzira zolemba zawo zomwe. Tinene kuti pa funso lina lovuta mphunzitsi anapempha kuona yankho kamodzi kokha kuti atsimikize. Kwa iye zinathera pomwepo. Koma pabolodi tsopano pali lamulo lakale loletsa mayankho, ndiponso chitsanzo chatsopano cha funso lokhala ndi yankho pansi, chomwe mwini wake sanadandaule nacho. Mwachibadwa, pa malangizo awiri otsutsana womaliza ndiye amamveka ngati wolamula. Funso lotsatira limabwera ndi yankho, zitsanzo zakhala ziwiri, kenako zisanu, ndipo cholakwa chija chasanduka mwambo. Chingerezi chinalowanso motero, kudzera m'silabasi yomatidwa ija. N'chifukwa chake kukalipa sikuthandiza kwenikweni. Makina amapepesa, amakonza kamodzi kapena kawiri, koma zitsanzo zolakwika zija zikadali pomwepo ndipo zikukokabe.

Pali njira yapafupi yodziwira chomwe chachitika. Pemphani kuti uthenga wanu woyamba ubwerezedwe liwu ndi liwu, kenako yerekezani ndi womwe uli pafoni. Ukatuluka ndendende, malamulo akadalipo koma amira m'zambiri, ndiye kuwakumbutsa kungakwanire. Ukatuluka wosiyana, kapena wongofanana tanthauzo, ndiye kuti mwina anafufutidwa kapena kufupikitsidwa. Yerekezani ndithu ndi maso anu, chifukwa makinawa amatha kupeka uthenga wooneka ngati wanu mopanda manyazi.

Mankhwala ake amachokera pa zifukwa zomwezi. Malamulo ofunika alembeni mwachidule kumapeto kwa uthenga umene mukutumiza panopa, pafupi ndi ntchito yomwe mukufuna. Yankho likalakwika, m'malo motsutsana nalo pansi pake, bwererani pa uthenga wanu, muukonze n'kuutumizanso ngati pulogalamuyo imalola, kuti cholakwacho chisatsale ngati chitsanzo. Malamulo okhazikika aikeni pamalo omwe anapangidwira zimenezo, monga Custom instructions mu ChatGPT, chifukwa zolembedwa pamenepo zimaphatikizidwa m'macheza atsopano alionse. Ndipo musamate chikalata chonse pomwe mukufuna ndime ziwiri.

Koma macheza akasokonekera kwenikweni, musawakakamire. Mphunzitsi uja akamaliza mutu wa kuchulukitsa, akopere mafunso omwe wawavomereza, adine New chat, alembenso malamulo atatu aja pamodzi ndi mafunso awiri abwino ngati chitsanzo, n'kuyamba mutu wa kugawa pa tsamba loyera. Ndipo pepala lisanapite kukasindikizidwa, aliwerenge yekha kuti aone ngati yankho lina silinabisale pansi pa funso.